Makwinya pa tisheti

Ndikapeta maluwa pa tisheti ndi makina, nsalu inkachita makwinya kuzungulira chopetacho ndikangoichotsa m'hupu, mikombero iwiri yopana nsalu popeta. Chinkavuta ndi sitebilaiza, cholimbitsira chimene chimaikidwa kuseri kwa nsalu popeta. Ndinkaika yochotsa pong'amba ndi manja: singano ikaiboolaboola imang'ambika, ndipo nsalu yotamuka imatsala yopanda choigwira, ulusi nkumaikoka mmene ukufunira.

Ndinasinthira yodula ndi sizasi, imene imatsalira kuseri kwa nsalu ngakhale mutachapa. Ndimaimata kaye kunsalu ndi guluu wopopera, pang'ono chabe, kenako zonse ziwiri nkulowa m'hupu pamodzi.

Hupuyo ndimayamba ndamasula sikuluu kuti mkombero wam'kati ulowe mosakakamiza. Nsalu ingogona fulati, osati kuikunga ngati ng'oma. Ikalowa sindiikokanso m'mphepete, chifukwa yopetedwa ili chitamukire imabwerera mwakale, ulusi osabwerera nayo. Mukaona timizere ta nsaluyo tapindika kapena tatalikirana, ndiye kuti mwakoka, masulani muyambirenso.