Chifuwa chachikulu chatha, koma mphasa zidakali ziwiri

M'midzi ya Chikwawa ndi Nsanje timapeza mabanja ambiri otere: bambo amaliza miyezi 6 ya mankhwala a chifuwa chachikulu, makhololo ayezedwa, achipatala anena kuti achira, koma kunyumba bambo akugonabe pamphasa yawoyawo, ali ndi mbale ndi kapu yawoyawo. Mayi amene anawadwazika akuwaonabe ngati wodwala, ndipo bambo azolowera kulandira phala m'malo mocheza ndi mkazi wawo. Zimenezi sizitha zokha. Zimafuna kuti awiriwo akhale pansi n'kugwirizana tsiku lozithetsa.

Choyamba ndi kuchotsa mantha. Chifuwachi chimayenda mumpweya munthu akamatsokomola, sichiyenda pambale kapena pakapu ayi. Munthu amene mankhwala akumuyanja ndipo sakudumphitsa tsiku amasiya kupatsira ena m'masabata oyambirira omwe, ndiye amene wamaliza n'kuuzidwa kuti wachira palibe chifukwa chomusalira. Pitani nonse awiri kuchipatala, mayi adzimvere okha mawuwo kuchokera kwa adokotala, chifukwa akangouzidwa ndi mwamuna wawo mtima sukhala pansi. Pa ulendo womwewo yezetsani limodzi magazi a kachilombo koyambitsa Edzi ngati simunatero, ndipo mayi ndi ana apimidwenso chifuwa.

Titenge banja la kufupi ndi Ngabu. Pa nthawi ya matenda mayi anagulitsa mbuzi ziwiri, anatenga ngongole ku banki m'khonde, ndipo dimba analima okha. Bambo atadzuka n'kuona khola lopanda kanthu akufunsa, "Mbuzi zija zili kuti?" Mayi akumva ngati akuwatcha wakuba, pamene ndalamazo zinathera pa kabaza, mazira ndi nsomba za wodwala. Apa ndi pamene mabanja ambiri amasweka, ndipo ife timaona kuti nkhani ya ndalama iyenera kukambidwa nkhani ya kuchipinda isanafike. Mayi atenge kabuku ka kubanki, afotokoze chimene chinagulitsidwa, ngongole yotsala ndi tsiku lobweza. Bambo amvetsere mpaka kumapeto osadula mawu, ndipo choyamba kutuluka pakamwa pawo chikhale "Amayi, mwagwira ntchito, zikomo." Kenaka agwirizane zimene bambo ayambenso kusenza. Asalande zonse tsiku limodzi. Mayi wayendetsa nyumba theka la chaka ndipo ayenera kupitiriza kukhala ndi mawu pa chikwama.

Nthawi yokambirana ikhale madzulo kukazizira, ana atagona, osati masana a mu Okutobala pamene kutentha kwa kuno kumafupikitsa mtima. Theka la ola likwana. Mawu akayamba kukwera, imani, mupitirize mawa.

Kudimba bambo ayambe ndi ntchito zopepuka monga kubzala ndi kupalira m'mamawa, n'kuweruka dzuwa lisanakwere. Kuyenda limodzi kupita ndi kubwera ndi kumene macheza amayambiranso.

Za kuchipinda, yambani ndi kubweza mphasa pamodzi, osayembekezera china chilichonse usiku woyambawo. Munthu amene waonda ndi matenda amatopa msanga, ndipo mphamvu zachimuna zimatha kuchedwa kubwerera. Si ufiti, si chibwenzi chamseri. Mayinso akhoza kusowa chilakolako chifukwa cha kutopa, ndipo asakakamizidwe. Bambo asathamangire mankhwala ogulidwa pamsika kapena mowa pofuna kudzitsimikizira. Vuto likapitirira miyezi ingapo thupi litabwerera, akafotokoze kuchipatala, poti shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimachititsanso zomwezo. Ngati amene anadwala ndi mayi, dziwani kuti mankhwala a chifuwa aja ofiiritsa mkodzo amafooketsa mapiritsi olerera ndi njira ya pamkono, mpaka mwezi umodzi atamaliza kumwa. Pa nthawiyi gwiritsani ntchito makondomu, kapena funsani za jakisoni wa miyezi itatu ndi lupu.

Pali zizindikiro zimene kucheza kokha sikungathetse. Wina akakhala masabata awiri kapena kuposerapo osagona, osafuna kudya, osafuna kuona anthu, akungolira kapena kunena kuti bola kufa, ameneyo akudwala matenda a maganizo ndipo mupite naye kuchipatala. Wonena za kudzipha asasiyidwe yekha, ndipo mankhwala a thonje achotsedwe m'nyumba tsiku lomwelo. Nthawi zina amene amagwa chotere ndi wodwazika uja, pamene aliyense akuyang'ana wochira. Chifuwa chikabwerera, pamodzi ndi thukuta la usiku ndi kuonda, kayezetseninso makhololo msanga. Ankhoswe aitanidwe pamene mwayesa kukambirana kangapo n'kulephera, koma pakakhala kumenyana kapena kukakamizana kuchipinda, pitani ku ofesi yothandiza ozunzidwa ya kupolisi.