Momwe mungasungire deta ulendo uliwonse mukaitsitsa, kuti ziwerengero zakale zisasowe

Tiyerekeze kuti pa 10 Epulo munatsitsa deta mu DHIS2, sisitimu yosungiramo deta ya zaumoyo, n'kulemba lipoti loti ana 412 analandira katemera mu Malichi. Mu Juni abwana akufunsa komwe nambalayo inachokera. Mukatsegula sisitimu, mukupeza 437. Palibe amene wanama: chipatala china chinatumiza lipoti mochedwa, ana 25 n'kuwonjezeka. Koma ngati fayilo ya pa 10 Epulo munaifufuta poikapo yatsopano, mulibe choonetsa.

Choyamba, mukangotsitsa fayilo, ikopereni musanaigwire n'komwe, musanakonze kapena kuchotsa mzere uliwonse. Ikani kopeyo mu foda yakeyake, dzina lake likhale deti lomwe mwatsitsira, kuyamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku: `2024-04-10`. Mukatero mafoda amandandalikana okha motsatira nthawi. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: amatchula foda kuti "Malichi", kuiwala kuti deta ya Malichi angaitsitse kanayi, ulendo uliwonse n'kutuluka yosiyana. Mwezi womwe detayo ikunena ulembeni pa dzina la fayilo, tsiku lotsitsira pa foda.

Pa Linux zimatheka motere:

```
d=snapshot/$(date +%F)
mkdir -p $d && cp data.csv $d/
cd $d && sha256sum data.csv > SHA256.txt
chmod a-w *
```

Mzere wachitatuwo umalemba chidindo cha fayiloyo, chomwe ndi mndandanda wa manambala ndi zilembo umene umasintha fayiloyo ikangosinthidwa; wachinayi umaitseka kuti munthu asalembemo mwangozi. Chidindochi musachidumphe. Munthu akatsegula CSV mu Excel n'kusevanso, ziro woyambirira wa makodi amatha, `0412` n'kusanduka `412`, madeti nawo amatha kutembenuka, koma poiyang'ana fayiloyo imaoneka yabwinobwino. Mukalowa mu fodayo n'kulemba `sha256sum -c SHA256.txt`, kompyuta ikayankha `OK` ndiye kuti sinasinthe. Ikati `FAILED`, wina anaigwira. Pa Windows, `certutil -hashfile data.csv SHA256` imakupatsani chidindo chomwecho, inu n'kufananiza ndi chomwe munasunga.

Deta yokha siikwanira. Mu foda yomweyo ikanimo kope ya fayilo ya mafomula yomwe munawerengera, ndi kakalata kofotokoza zomwe munasankha potsitsa: boma liti, miyezi iti, zipatala ziti. Ine ndimalimbikira kwambiri pa kakalataka, chifukwa pakatha miyezi iwiri palibe amene amakumbukira ngati zipatala za mishoni za CHAM anaziphatikiza kapena ayi.

Kenako pansi pa lipoti lililonse lembani kuti "deta yotsitsidwa pa 2024-04-10". Funso la mu Juni lija likabwera, mutsegula foda ya tsikulo, muonetsa 412, muika fayilo yatsopano pambali pake, ndipo chipatala chomwe chinachedwacho chioneka pamzere wake.

Foda yonse ya `snapshot` muziikoperanso kwina, pa hadi diraivi yapadera kapena pa seva ya ku ofesi, popeza laputopu imabedwa kapena kufa. Ngati muli mayina a odwala, kopeyo ikhale yokiya ndi pasiwedi.