Vidiyo ya selefi ikukanidwa? Chitani izi kuti akaunti yanu ya Facebook kapena Instagram ibwerere

Akaunti ikabedwa, wakubayo amathamangira kusintha pasiwedi, kenako nambala ya foni ndi imelo. Zikatero, uthenga wa manambala achinsinsi umapita kwa iye, osati kwa inu. Njira imene imatsala kwa anthu ambiri ndi yojambula kavidiyo ka nkhope, kamene ena amangoti selefi. Instagram yakhala ikugwiritsa ntchito njirayi kwa zaka zingapo, ndipo mu Okutobala 2024 kampani ya Meta, mwini wake wa Facebook ndi Instagram, idalengeza kuti yayamba kuyesa makina ozindikira nkhope pobwezera anthu maakaunti a Facebook ndi Instagram.

Vuto ndi loti anthu amajambula kasanu, kakhumi, yankho n'kumabwera lomwelo loti sanathe kutsimikiza kuti ndi inuyo. Musanajambulenso, dziwani kaye chimene chikuunikidwa.

Mafunso ake ndi awiri

Funso loyamba ndi lakuti: kodi pamaso pa kamerapo pali munthu wamoyo, kapena wina wangoika chithunzi? N'chifukwa chake amakuuzani kuti mutembenuze mutu uku ndi uku. Chithunzi cha papepala sichingatembenuke n'kuonetsa khutu kapena mbali ya mphuno.

Funso lachiwiri ndi lakuti: kodi nkhope imeneyi ndi yomweyo imene ili pa zithunzi za mu akauntiyo? Apa ndi pamene ambiri amagwera osadziwa. Vidiyo yanu sayiyerekeza ndi chitupa cha unzika, sayiyerekeza ndi dzina lanu. Amaiyerekeza ndi zithunzi zimene munaika nokha mu akaunti.

Mungadziwe bwanji funso limene lakugwetsani? Ngati foni ikukakamira pomwepo, kukuuzani mobwerezabwereza kuti nkhope ikhale pakati, kapena vidiyo ikukana kupita, vuto lili pa kajambulidwe kapena netiweki. Limenelo mutha kulikonza lero lomwe. Koma ngati vidiyo yapita bwinobwino kenako pabwera uthenga wokana, ganizirani za zithunzi za mu akaunti, ngakhale kuti vidiyo yamdima imathanso kukanidwa pamenepa.

Gawo 1: Kumbukirani zimene zili mu akaunti

Pemphani mnzanu atsegule tsamba lanu pa foni yake, muone zithunzi zimene zatsalamo. Muli chithunzi choonetsa nkhope yanu bwino, muli nokha? Ndi cha liti?

Tiyerekeze mayi wina wogulitsa nsomba ku Senga Bay. Chithunzi chake chapamwamba ndi chambo chitayalidwa pathandala. M'katimo muli usipa, mitengo ya katundu, ndi zithunzi za ana. Iye amaoneka pamodzi pokha, pa chithunzi cha paukwati, ali pakati pa amayi asanu ndi atatu ovala nsalu yofanana, nkhope yake yaing'ono ngati njere ya mpunga. Mayi ameneyu akhoza kujambula vidiyo yowala ngati ya pa wailesi yakanema, koma palibe choti aiyerekeze nacho. Instagram ikamufunsa ngati ali ndi chithunzi chake mu akauntimo, kuyankha kuti inde n'kudzitayitsa nthawi. Asankhe yankho loti alibe. Njira imeneyo imafunsa zina: imelo kapena nambala imene anatsegulira akaunti, ndi mtundu wa foni imene ankagwiritsa ntchito pa nthawiyo.

Pamenepa pali chopunthwitsa china cha kwathu kuno. Maakaunti ambiri anatsegulidwa ndi mwana wa mlongo kapena mnyamata wokonza mafoni pa Kamuzu Road ku Salima, ndipo mwini wake sadziwa n'komwe imelo imene inalembedwa. Ngati zinali choncho, mufuneni munthuyo musanayambe. Ngati nambala yakale inatayika ndi foni, pitani ku ofesi ya Airtel kapena TNM ndi chitupa cha unzika mukafunse ngati angakubwezereni.

Nanga ngati wakubayo wafufuta zithunzi zanu n'kuika zake? Yesanibe vidiyoyo, koma musachedwe, ndipo musadalire iyo yokha. Onani mu imelo yanu yakale. Imelo ya akaunti ya Instagram ikasinthidwa, ku imelo yakaleyo kumapita uthenga wochokera ku security@mail.instagram.com, ndipo umakhala ndi podina pokana kusinthako. Facebook nayo imatumiza uthenga wotere. Njira imeneyi ikatheka, imaposa selefi kutalitali.

Gawo 2: Konzani foni

Gwiritsani ntchito foni imene munkalowera mu akauntiyo masiku onse, ngakhale itakhala yakale. Makinawo amaikumbukira. Foni yobwereka ili ndi kamera yabwino, inde, koma kwa iwo ndi mlendo, ndipo mlendo wofuna kulowa mu akaunti yobedwa amakayikiridwa. Mubwereke pokhapo ngati kamera yakutsogolo ya foni yanu yafa. Ngati muli ndi VPN, izimitseni, chifukwa imakuonetsani ngati muli dziko lina.

Pukutani kamera yakutsogolo ndi kansalu kofewa. Zikumveka zachibwana, koma thukuta ndi mafuta a kumaso zimasiya chifunga pa kagalasiko, makamaka nyengo yotentha ya kuno kunyanja. Ngati galasi lomata pa sikirini lasweka chapamwamba, mng'alu n'kudutsa pa kamera, limatuleni.

Onetsetsani kuti pulogalamuyo yaloledwa kugwiritsa ntchito kamera. Pa mafoni ambiri a Android, monga Tecno ndi itel, njira yake imakhala motere:

```
Settings > Apps > Instagram > Permissions > Camera > Allow
```

Za bandulo: gulani ya intaneti yonse, osati ya Facebook kapena WhatsApp yokha. Mudzafunika kutsegula imelo ndi masamba ena, ndipo bandulo ya pulogalamu imodzi ikhoza kukusiyani panjira. Kavidiyoko n'kakafupi, sikadya zambiri. Chimene chimakapha ndi netiweki yodukaduka, choncho imani pamene foni ikuonetsa 4G yokhazikika. Batire lisakhale lotsala pang'ono.

Gawo 3: Kuwala

Apa ndi pamene mavidiyo ambiri amaonongekera, ndipo kukonza kwake n'kwaulere.

Kamera ya foni imadzisankhira yokha kuwala poyang'ana chithunzi chonse. Kumbuyo kwanu kukakhala kowala kwambiri, imachepetsa kuwala kuti kumbuyoko kuoneke bwino, ndipo nkhope imasanduka mthunzi. Kwa ife akhungu lakuda zimenezi zimachitika msanga. Munthu amaima pagombe masana, nyanja ikunyezimira kumbuyo, mchenga uli mbuu, iye n'kumaona ngati wapeza malo owala. Pa vidiyo pamangooneka mano ndi maso. Chimodzimodzi kukhala m'golosale mutafulatira khomo.

Lamulo lake ndi limodzi: kuwala kubwere kuchokera kutsogolo kwanu. Khalani pakhonde pamthunzi, nkhope iloze panja, khoma likhale kumbuyo. Ngati muli m'nyumba, yang'anani kuwindo. Khoma la njerwa kapena la mtundu wosawala ndi labwino kuposa lopaka laimu woyera limene dzuwa likuwombapo. Nthawi yabwino ndi m'mawa cha m'ma 7 mpaka 9 koloko, kapena madzulo cha m'ma 4. Dzuwa la paliwombo limaika mithunzi m'maso ndi pansi pa mphuno. Pansi pa mtengo wa mango napo si pabwino, chifukwa masamba amasiya mawangamawanga pankhope.

Usiku musayese n'komwe. Babu limodzi la kudenga kapena tochi ya sola sizikwanira. Kamera yotsika mtengo ikasowa kuwala imachedwa kutola chithunzi, ndiye mukangotembenuza mutu nkhope imafufutika.

Gawo 4: Kujambula

Yambirani pa pulogalamu yeniyeniyo, podina `Forgot password?`, kapena lembani `instagram.com/hacked` kapena `facebook.com/hacked` mu Chrome. Mawu a pa sikirini amasinthasintha, ndipo si akaunti iliyonse imene imapatsidwa mwayi wa vidiyo. Akakufunsani imelo yoti akuyankhireni, perekani imene mungathe kuitsegula panopa ndipo wakubayo saidziwa. Ilembeni mosamala. Chilembo chimodzi chikalakwika, yankho lipita kwina ngakhale vidiyo itavomerezedwa.

Vulani chipewa ndi magalasi a dzuwa. Magalasi a maso nawo avuleni ngati akunyezimira. Duku likhoza kukhala, bola likankhidwe m'mbuyo kuti chipumi ndi nsidze zioneke. Ngati pa zithunzi zanu zonse mulibe ndevu koma pano mwasunga, kumeta kungathandize kuti mufanane ndi munthu wa pa zithunziyo.

Foni ikhale molingana ndi maso, pamtunda wa masentimita 30 mpaka 40, nkhope yonse ilowe m'kabwalo kamene kakuoneka pa sikirini. Osaigwira chapansi ngati mukuwerenga uthenga. Kamera imangoona chibwano ndi mphuno. Tsamiritsani chigongono patebulo, kapena imikani foni pawindo muitsamiritse ku kapu.

Mivi ikayamba kuloza, tembenuzani mutu, foni ikhale pomwepo. Ambiri amachita zosiyana: mutu uli chilili, dzanja n'kumayendetsa foni. Ena amangoyendetsa maso. Tembenukani pang'onopang'ono, ngati mukuyang'ana munthu amene wakuitanani chapambali, muime kamphindi mpaka foni isonyeze kuti yalandira, kenako mutsatire muvi wina. Musatembenuke mpaka nkhope kutuluka m'kabwalo. Ndipo anthu akumbuyo achoke. Mwana wosuzumira paphewa ndi nkhope yachiwiri, ndipo imasokoneza zonse.

Mukadina potumiza, siyani foni pomwepo mpaka itsimikize kuti yapita. Osatuluka kukayankha WhatsApp.

Akakukanani

Yankho limabwera pa imelo imene munapereka, nthawi zina mwachangu, nthawi zina patapita masiku angapo. Onani ndi mu `Spam`. Akakana, amalola kutumizanso ina, koma kubwereza vidiyo yomweyo pamalo omwewo kasanu motsatizana sikusintha kanthu, ndipo kuyesa kowirikiza kungachititse kuti akuimitseni kaye. Dikirani mpaka mawa, ndipo musinthe chinthu chimodzi chodziwika: malo, nthawi, kapena maonekedwe anu kuti ayandikire chithunzi cha mu akaunti. Mukalephera katatu mutajambula powala bwino, vuto si vidiyo ayi. Bwererani ku Gawo 1.

Ena amaopa kuti vidiyo yawo iikidwa pagulu. Meta imanena kuti siioneka pa tsamba lanu, ndipo Instagram imati imaifufuta pasanathe masiku 30. Choopsa chenicheni ndi anthu amene amabwera m'makomenti kunena kuti amabweza maakaunti mukawatumizira ndalama ndi vidiyo yanu pa WhatsApp. Vidiyo yovomerezeka imajambulidwa pomwepo m'kati mwa njira yobwezera akauntiyo. Yotumizira munthu ilibe polowera.

Akaunti ikabwerera, sinthani pasiwedi, chotsani imelo ndi nambala za wakubayo, tulutsani mafoni onse achilendo, ndipo yatsani `Two-factor authentication`, chitetezo chofunsa manambala achinsinsi kuwonjezera pa pasiwedi. Kenako ikani zithunzi ziwiri kapena zitatu za nkhope yanu, muli nokha, zojambulidwa masana, zopanda fyuluta yoyeretsa khungu. Mayi wa ku Senga Bay uja atha kusiya chambo chake m'katimo, koma pa chithunzi chapamwamba pakhale iyeyo.