Mwana wasukulu akaima, mayi ake asamve nkhaniyi ali pagulu

Mwana wasukulu akakuuzani kuti ali ndi pakati, musathamangire kufunsa kuti mimbayo ndi ya ndani. Mufunseni kaye kuti winanso akudziwa ndani, ndipo usiku akumagona bwanji. Mtsikana amene wasiya kudya, akungodzitsekera m'chipinda, kapena wayamba kunena kuti "bola ndingofa", musamusiye yekha ngakhale usiku umodzi. Bisani mankhwala ndi poizoni aliyense, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mawu amenewo si matama.

Kunyumba ndiye pamavuta. Makolo ambiri amakalipa chifukwa cha manyazi, ndipo manyazi amakula pakakhala anthu. Sankhani kholo lofatsirapo, muliuze muli awiriwiri, mwanayo ali kwina. Mawu oyamba akhale akuti, "Mwana wanu ali bwino, koma ali ndi mantha, akufuna inu." Akalusa, asiyeni aluse pamaso panu. Mukonzereni kale kokagona mwanayo ngati angamuthamangitse. Ngati wopereka mimbayo ndi mphunzitsi, wachibale kapena munthu wamkulu, umenewo ndi mlandu wa kupolisi, osati wokambirana ukwati.

Za sukulu, musalole kuti angosowa m'kalasi. Pitani kwa mphunzitsi wamkulu mimba isanaoneke, mufunse malamulo obwererera, ndipo zomwe mwagwirizana zilembedwe pakalata. Mnzake mmodzi azimubweretsera manotsi. Ambiri amalephera kubwerera chifukwa palibe amene anakonza womulerera khanda nthawi ya makalasi, choncho nkhani imeneyo ithe asanachire. Akaopa kusekedwa, mupemphereni malo kusukulu ina.