Kalata yodzudzula woyang'anira nkhokwe: imelo ndinaiika pambuyo

Ku kopaletivi yathu ya alimi a kachewere ku Dedza, mnyamata woyang'anira nkhokwe amatumiza lipoti la matumba Lolemba m'malo mwa Lachisanu. Choncho galimoto yopita ku Lilongwe imabwera tisanadziwe katundu amene alipo, ndipo matumba ena amayamba kuwola.

Ndinafuna kuti nkhaniyi ilembedwe, koma kuyamba ndi imelo ndinakukana. Iye amawerenga imelo pafoni, pamene wapeza bandulo, nthawi zina ali pakati pa anzake. Mawu odzudzula owerengedwa choncho amapweteka kuposa mmene wolemba amafunira, ndipo munthu sapeza mpata woyankha.

Ndinamuitanira mu ofesi tili awiri. Ndinati, "Achimwene, lipoti likumafika Lolemba, chikuvuta n'chiyani?" Apa ndi pamene ndinamva kuti alimi ena amabweretsa matumba Lachisanu madzulo, iye atatseka kale kaundula. Pa imelo zimenezi sindikanazimva.

Tsiku lomwelo ndinalemba imelo yaifupi. Ndinatchula masiku enieni amene lipoti linachedwa, zimene zinaonongeka, ndi zomwe tinagwirizana: kulandira matumba kuzitha 3 koloko, lipoti lizifika 5 koloko. Mawu ngati "ulesi" kapena "nthawi zonse" sindinawaikemo, chifukwa amaweruza munthu m'malo motchula chimene chinachitika. Sindinatumizireko wina aliyense.

Ikanakhala nkhani ya chenjezo, ndikanalemba kalata yapapepala yoti asayine, atapatsidwa mwayi wofotokoza mbali yake.