Fomu ya ku labu ndi machubu oyenera kubweza

"Ndili pa labu ku Salima, fomu ndiikonze bwanji ndipo magazi ndizibweza pati?"

Khalani kaye ndi kaundula wa zobwezedwa.

1. Pafomu pakhale dzina lonse, tsiku lobadwa, nambala ya wodwala, wodi, zoyeza, wotenga magaziwo, deti ndi nthawi.
2. Chubu chikafika fananizani ndi fomu.
3. Chopanda dzina kapena zikusiyana, bwezani, akatengenso. Apa ndi pomwe ambiri timalakwa, nesi amati "ndikumudziwa, ndilembe pompano", musalole chonde, wodi imodzi a Phiri amatha kukhala atatu, ndiye akakhala magazi oti munthu aikidwe, kusokoneza gulupu kumapha. Chubu chilembedwe pabedi pomwepo akangotenga.
4. Lembani chifukwa mukaundula, imbirani wodi nthawi yomweyo wodwala asamangodikira.