Momwe mungapatsire mphatso mnzanu wosafuna katundu wambiri m'nyumba

Mnzanga wina amakhala m'kanyumba kakang'ono ku Kabwata. Mawotchi apakhoma ndi makapu amene anthu amamupatsa amakathera kwa azakhali ake ku Matero. Si mwano ayi. Kwa iye, chilichonse cholowa m'nyumba chimafuna malo ndi kupukutidwa fumbi. Munthu wotere mpatseni ulendo kapena chakudya chodyera limodzi, koma muchikonze bwino, chifukwa mphatso yotere imafa msanga ikangokhala ya pakamwa.

Choyamba, tcherani khutu ku zimene iye amazitchula yekha. Mnzangayu ankakonda kunena kuti anabadwira mu Lusaka momwemuno koma chipembere sanachionepo ndi maso. Basi, nkhani inathera pomwepo: Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015 kum'mwera chakum'mawa kwa mzindawu, inali ndi zipembere, mbidzi ndi nyamalikiti. Akadakhala wokonda masewero a zisudzo ndikadaganiza za Lusaka Playhouse. Musasankhe chimene inuyo mwakhala mukuchilakalaka.

Chachiwiri, pangani tsiku. Apa ndi pamene ambiri timaphonya. Mawu akuti "tsiku lina ndidzakutenga" si mphatso, ndipo khadi lolipiriratu limene lilibe tsiku limagona m'chikwama mpaka nthawi yake kutha. Ine ndinamupatsa Maloweruka awiri kuti asankhepo limodzi, m'mwezi wa Julaye, pamene mvula kulibe, misewu yadothi ndi youma, udzu wafupika ndipo nyama zimaoneka mosavuta. Tinanyamuka m'mamawa, dzuwa lisanathamangitsire nyama ku mithunzi.

Chachitatu, lipirani zonse. Werengani ndalama yolowera pageti ya anthu awiri, ya galimoto, mafuta, madzi ndi chakudya. Imbani foni sabata yomweyo kuti mumve mtengo ndi nthawi yotsegulira. M'pakimo mumafunika galimoto, choncho ngati mulibe, pezeranitu woyendetsa amene adzakudikirirani mpaka pobwerera. Mukaona mnzanu akupisa m'thumba kuti asonkhe ya mafuta, dziwani kuti mwamupatsa ngongole.

Nanga pa tsiku lake lobadwa mupite chimanjamanja? Ambirife zimatichititsa manyazi, ndipo ndi zomveka. Nyamulani chinthu chotha: mtedza wokazinga, uchi pang'ono, kapena nkhuku yoti mudye tsiku lomwelo. Tsiku la ulendolo lilembeni pa kapepala mumupatse pamanja.

Chinthu chogwirika chili ndi malo ake ngati chikulowa m'malo mwa china chimene chatha. Ketulo yake ikapsa, mufunseni mtundu umene akufuna, mugule womwewo.

Chenjezo limodzi: pobwerera mudzafuna kumugulira kachosema ka chipembere kuti azikumbukira ulendowo. Ine dzanja linandiyabwa ndithu, koma ndinakumbukira azakhali aku Matero. Ndinangomutumizira zithunzi zitatu pafoni madzulo ake.